Ndani watsala m'kati? Funso la XOR limene amafunsa pa intavyu ya olemba mapulogalamu

Mlonda wa pageti ali ndi buku lake la chikuto cholimba, ndi cholembera chomangirira ku chingwe kuti anthu asamachoke nacho. Wantchito aliyense ali ndi khadi la nambala yakeyake. Akamalowa m'mawa, mlonda amalemba nambalayo. Akamatuluka amailembanso pa mzere wotsatira, osasiyanitsa wolowa ndi wotuluka. Tsopano kwada, anthu aweruka, ndipo mlonda akufuna kukhoma geti, koma akuona getsi likuyakabe m'chipinda china. M'kati mwatsala munthu mmodzi. Ndani?

Yankho lili m'buku momwemo. Nambala ya aliyense amene watuluka yalembedwa kawiri, pamene ya wotsalayo yalembedwa kamodzi kokha. Ntchito n'kuipeza.

Limeneli ndi limodzi mwa mafunso odziwika kwambiri pa intavyu ya ntchito yolemba mapulogalamu a kompyuta. Pa LeetCode, pamene achinyamata ambiri padziko amakonzekerera ma intavyu oterewa, ndi funso nambala 136 ndipo dzina lake ndi Single Number. Amakupatsani mndandanda wa manambala, iliyonse ikupezeka kawiri kupatula imodzi, n'kukuuzani kuti muipeze. Kenako amawonjezera malamulo awiri amene amasandutsa funso losavuta kukhala msampha: ntchito isakule kuposa mmene mndandandawo ukukulira, ndipo musatenge malo ochuluka osungira zimene mwaona. Kwa mlonda wathu, zikufanana ndi kumuuza kuti awerenge buku kamodzi kokha, kuchoka pamwamba mpaka pansi, popanda pepala lina lolembapo.

Munthu aliyense angayambe ndi njira imene mlonda weniweni angachite: kuika chala pa nambala yoyamba n'kufufuza buku lonse kuti apeze inzake, kenako yachiwiri, kenako yachitatu. Pa mizere 40 zimenezi zimatheka tiyi asanazizire. Koma mizere ikakhala 1,000,000, ndiye kuti buku la mizere miliyoni likuwerengedwa pafupifupi kamiliyoni, ndipo kuyerekezera kumafika m'mathiriliyoni kapena kuyandikira pamenepo. Njira yachiwiri ndi kusanja manambala onse kuyambira yaing'ono mpaka yaikulu, kuti ofanana akhale moyandikana. Imeneyi ndi yabwinopo, chifukwa pa manambala miliyoni imafuna kuyerekezera pafupifupi 20 miliyoni, koma yaphwanyabe lamulo loyamba lija. Yachitatu ndi kutenga pepala lapadera: nambala ukaiona koyamba uilembe, ukaionanso uifufute, ndipo yotsala papepala ndiyo yankho. Mu Python pepala limeneli ndi `set`. Njirayi ndi yachangu ndiponso yomveka, koma m'mawa anthu onse akalowa asanatuluke ngakhale mmodzi, pepalalo limadzaza ndi theka la buku lonse. Lamulo lachiwiri laphwanyika.

Apa ndi pamene wofunsayo amatsamira pampando n'kunena kuti, "Mungathe kuchita popanda pepalalo?"

Kuti timvetse yankho, tiyenera kuona nambala mmene kompyuta imaionera. Yerekezani mababu anayi ali pamzere pakhoma. La kumanja kwenikweni mtengo wake ndi 1, lotsatira 2, lotsatira 4, la kumanzere 8. Nambala iliyonse kuyambira 0 mpaka 15 ingaonetsedwe poyatsa mababu ena n'kusiya ena. Kuti muonetse 5 mumayatsa la 4 ndi la 1. Kuti muonetse 12 mumayatsa la 8 ndi la 4. Tikalemba 1 pa babu loyaka ndi 0 pa lozima, 5 ndi 0101, 12 ndi 1100, ndipo 7 ndi 0111, chifukwa 4 ndi 2 ndi 1 pamodzi ndi 7. Babu limodzi lotere ndilo limatchedwa biti. Kompyuta ilibe mababu anayi okha, kawirikawiri imagwiritsa ntchito 32 kapena 64 pa nambala imodzi, koma malamulo ake ndi omwewo. Kufanizira ndi magetsi kumeneku sikongosangalatsa. Mu 1937 Claude Shannon, ali wophunzira ku MIT, anasonyeza kuti masamu a zoona ndi zabodza amene George Boole anafalitsa mu 1854 angathe kuchitika ndi maswichi a magetsi, ndipo makompyuta athu amayendera nzeru imeneyo mpaka lero.

Tsopano ganizani za swichi imene ukaidina kamodzi babu limayaka, ukaidinanso limazima. Babu lililonse mwa anayi aja lili ndi swichi yake yotere. Mlonda akawerenga nambala m'buku, salemba kalikonse. Amangodina maswichi a mababu amene amapanga nambalayo. Akawerenga 5, amadina ya 4 ndi ya 1. Ngati babu linali lozima liyaka, ngati linali loyaka lizima. Kachitidwe kameneka ndiko kamatchedwa XOR, ndipo m'zinenero zambiri zolembera mapulogalamu, monga C, Java, Python ndi JavaScript, chizindikiro chake ndi `^`. Lamulo lake ndi lalifupi: mabiti awiri akafanana zotsatira ndi 0, akasiyana ndi 1.

Tiyeni tiyese ndi buku laling'ono la mizere isanu: 7, 12, 5, 7, 12. Mababu onse akuyamba ali ozima, 0000. Mlonda wawerenga 7 n'kudina maswichi a 4, 2 ndi 1, ndipo pakhoma paoneka 0111. Wawerenga 12 n'kudina a 8 ndi 4: la 8 layaka, la 4 limene linali loyaka lazima, pakhoma pali 1011. Wawerenga 5 n'kudina a 4 ndi 1: la 4 layakanso, la 1 lazima, pali 1110. Mukayang'ana pakhoma panthawi imeneyi muona nambala 14, imene m'buku mulibe n'komwe, ndipo musadandaule nazo, chifukwa zimene zili pakati pa ulendo sizitanthauza kanthu. Wawerenga 7 kachiwiri n'kudina a 4, 2 ndi 1, patsala 1001. Pomaliza wawerenga 12 kachiwiri n'kudina a 8 ndi 4: la 8 lazima, la 4 layaka. Pakhoma pali 0101. Ndi 5. Wotsala m'kati ndi mwini khadi nambala 5.

Mu Python nkhani yonseyi ndi mizere isanu:

```python
def wotsala(mndandanda):
    x = 0
    for n in mndandanda:
        x ^= n
    return x
```

Ndinaiona koyamba njira imeneyi ili pabolodi, inki ya maka ikutha moti chizindikiro cha `^` chinkaoneka ngati kadontho, ndipo ndinakhala kanthawi ndithu ndikuganiza kuti penapake pasowa mzere. Sipanasowe kanthu. Chimene chimaidabwitsa munthu n'chakuti 7 woyamba ndi 7 wachiwiri ali motalikirana, pakati pawo padutsa manambala ena amene asokoneza mababu, koma amafafanizanabe. Chifukwa chake chimaoneka mukasiya kuyang'ana manambala n'kuyang'ana babu limodzi lokha. Babu silidziwa amene walidina, ndiponso silisamala kuti anayamba ndani. Chimene chimalamula kuti liyake kapena lizime ndi kuchuluka kwa kudinidwa basi: kawiri, kanayi kapena kasanu ndi kamodzi limabwerera pamene linayambira, kamodzi, katatu kapena kasanu limatsala loyaka. Tengani babu la 4 m'chitsanzo chathu. Ma 7 awiri analidina kawiri, ma 12 awiri kawiri, 5 kamodzi. Pamodzi kasanu, choncho latsala loyaka. La 8 linadinidwa ndi ma 12 okha, kawiri, choncho lazima. Aliyense amene analowa n'kutuluka wafufuta yekha mapazi ake, ndipo mapazi otsala ndi a munthu mmodzi yekhayo.

Akatswiri amazilemba mwachidule chonchi: `a ^ a` ndi 0, `a ^ 0` ndi `a`, ndipo dongosolo la manambala silisintha yankho. Amene akutha kufotokoza mfundo zitatu zimenezi ndi babu limodzi wamvetsa. Amene wangoloweza mizere isanu ija amagwa pa funso lotsatira.

Ndipo funso lotsatira limabwera ndithu, chifukwa njira imeneyi ili ndi khalidwe loopsa: siyidziwa kukana. Mukaipatsa mndandanda umene sukutsata lamulo lija, siyima, siyichenjeza, imangotulutsa nambala ina yooneka bwinobwino. Tiyerekeze kuti m'kati mwatsala anthu awiri, wa khadi 5 ndi wa khadi 9, ndipo m'buku muli 7, 12, 5, 3, 7, 9, 12, 3. Ma 7, ma 12 ndi ma 3 afafanizana. Patsala 0101 ndi 1001, ndipo ziwirizi zikaphatikizana zimapereka 1100, kutanthauza 12. Taonani tsoka lake: 12 ndi nambala yeniyeni imene ili m'buku, ya munthu amene anatuluka kalekale ndipo mwina akudya nsima kwawo. Mlonda wokhulupirira mababu angapite kukaitana dzina lolakwika, pamene anthu awiri akutsekeredwa m'kati.

Palinso njira zina zimene zimasokonekera. Mlonda akalemba nambala ya munthu wina katatu molakwitsa, iwiri imafafanizana, yachitatu n'kukasakanikirana ndi yankho: 3, 3, 3, 8 imapereka 11. Anthu onse akatuluka, mababu onse amazima ndipo yankho ndi 0, koma ngati alipo wantchito wa khadi nambala 0 amene watsala, yankho ndi 0 yomweyo, ndipo pakhoma simungasiyanitse ziwirizi. Muyenera kuwerenganso mizere: ikakhala yoti ingagawike pawiri popanda wotsala, palibe munthu mmodzi yekha amene watsala. Kumbali ina, munthu amene anatuluka masana kukagula chakudya n'kubwerera, kenako n'kuweruka, walembedwa kanayi ndipo savuta konse. Choncho lamulo lenileni si "kawiri" ayi. Lamulo ndi lakuti nambala imodzi yokha ndiyo ipezeke kosagawika pawiri.

Vuto lina limachokera ku chinenero chimene mukulembera. Mu JavaScript, `^` imayamba yadula nambala kuti ikwane m'mabiti 32, ndipo nambala yaikulu kwambiri imene imakwana bwino ndi 2,147,483,647. Mukalemba `3000000000 ^ 0` mumalandira `-1294967296`. Zimenezi zingatigwere mosavuta kuno kwathu: nambala ya foni ya ku Malawi ikalembedwa ndi 265 kutsogolo imakhala ndi madijiti 12, yaikulu kwambiri kuposa malire amenewo. Manambala awiriawiri adzafafanizanabe, koma yotsalayo idzatuluka yoduka, yosafanana ndi foni ya munthu aliyense. Python ilibe vuto limeneli chifukwa manambala ake athunthu amakula mmene angafunire. Ndipo ongoyamba kumene azikumbukira kuti `^` si chizindikiro cha kuchulukitsa nambala ndi iyo yomwe: mu Python `2 ^ 3` ndi 1, osati 8.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Musanalembe mzere ngakhale umodzi pabolodi, funsani: kodi n'zotsimikizika kuti yotsala ndi imodzi yokha? Kodi mndandanda ungakhale wopanda kanthu? Manambalawo ndi aakulu bwanji? Mafunso amenewa satenga ndi miniti yomwe, ndipo kwa ine amaonetsa luso la munthu kuposa chizindikiro cha `^` chija.

Nanga anthu awiri otsala aja tiwapeza bwanji? Ili ndi funso nambala 260 pa LeetCode, Single Number III, ndipo ndi pamene nkhaniyi imakoma zedi, chifukwa yankho lolakwika lija, 12, si zinyalala. Lili ndi uthenga. Babu loyaka mu 1100 likutanthauza kuti pamalo pamenepo manambala awiri otsalawo ndi osiyana: ina ili ndi babulo, inayo ilibe. Akanakhala kuti onse ali nalo, kapena onse alibe, likanazima. Ndipo popeza ndi anthu awiri a makadi osiyana, payenera kupezeka babu loyaka ngakhale limodzi.

Tisankhe limodzi mwa oyakawo, la 4. Tsopano mlonda awerengenso buku, koma ndi makoma awiri a mababu. Nambala iliyonse imene ili ndi babu la 4 aidinire pakhoma loyamba, imene ilibe aidinire pa lachiwiri. Ku khoma loyamba kupita 7, 12, 5, 7, 12. Ku lachiwiri kupita 3, 9, 3. Manambala ofanana sangasiyane gulu, chifukwa mababu awo ndi amodzimodzi, choncho afafanizana komwe apitako. Koma 5 ndi 9 ayenera kusiyana gulu, poti tasankha dala babu limene amasiyanirapo. Khoma loyamba litsala ndi 5, lachiwiri ndi 9. Funso lovuta lagawika kukhala mafunso awiri amene tawayankha kale.

```python
def otsala_awiri(mndandanda):
    x = wotsala(mndandanda)
    babu = x & -x
    a = b = 0
    for n in mndandanda:
        if n & babu:
            a ^= n
        else:
            b ^= n
    return a, b
```

Chizindikiro cha `&` chimasiya babu loyaka pokhapokha ngati likuyaka kumbali zonse ziwiri, choncho `n & babu` ikungofunsa kuti, kodi nambala iyi ili ndi babu limeneli? Mzere wa `x & -x` ndi umene umazunguza ambiri. Kompyuta imapanga nambala ya pansi pa ziro potembenuza mababu onse, oyaka azime ozima ayake, kenako n'kuwonjezera 1. M'mabiti 8, 12 ndi 00001100. Tikatembenuza ndi 11110011, tikawonjezera 1 ndi 11110100. Ikani 00001100 pamwamba pa 11110100 ndipo muona kuti babu loyaka konsekonse ndi limodzi lokha, la 4, limene ndi loyamba kuyaka kuchokera kumanja. Zimatero pa nambala iliyonse imene si 0. Mukaiwala kachenjerero kameneka pa intavyu musachite mantha. Kuyesa mababu limodzilimodzi kuchokera kumanja mpaka mutapeza loyaka kumapereka yankho lomwelo.

Akakuuzani kuti nambala iliyonse ikupezeka katatu kupatula imodzi, limene ndi funso nambala 137, XOR yokha siithandiza, chifukwa swichi imangodziwa kuwerenga mpaka kawiri. Pamenepo mumawerenga kuti babu lililonse ladinidwa kangati, n'kugawa ndi 3, ndipo pamene patsala chotsalira ndi pamene pali biti ya nambala mukuifunayo. Maganizo ndi omwe aja: yang'anani babu limodzi, werengani kudinidwa kwake.

Owerenga ena afunsa ngati zonsezi zimagwira ntchito kunja kwa chipinda cha intavyu. Pa ntchito ya tsiku ndi tsiku, monga kulemba pulogalamu ya malipiro a antchito kapena ya kaundula wa ophunzira, n'kovuta kukumana ndi mndandanda woyera chonchi, ndipo ineyo ndingasankhe `set` kapena kuwerenga kuti nambala iliyonse yapezeka kangati, chifukwa njira zimenezo zimaulula pamene kaundula walakwika. Koma nzeru ya XOR yokha ikugwira ntchito usana ndi usiku m'makina osungira zinthu. Mu 1988 David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz a ku yunivesite ya California ku Berkeley anafalitsa pepala limene linatchukitsa dzina la RAID, njira yosungira zinthu pa madisiki angapo kuti imodzi ikafa zinthu zisatayike. Mu RAID 5, zidutswa za pa madisiki osiyanasiyana zimaphatikizidwa ndi XOR, ndipo zotsatirazo zimasungidwa pa disiki ina. Tibwereke manambala athu aja: zidutswa zitatu ndi 0111, 1100 ndi 0101, ndipo chachinayi, chophatikiza, ndi 1110. Disiki yachiwiri yafa. Phatikizani zitatu zotsalazo: 0111 ndi 0101 zipereka 0010, ndipo 0010 ndi 1110 zipereka 1100. Chidutswa chotayika chija chabwerera ndendende. Ndi funso la mlonda lomwe lija, chifukwa chidutswa chilichonse chamoyo chapezeka kawiri, kamodzi pachokha ndi kamodzi m'kati mwa chophatikiza, pamene chotayikacho chapezeka kamodzi kokha. Malire akenso ndi omwewo: madisiki awiri akafa pamodzi, RAID 5 siingabweze zimene zatayika. N'chifukwa chake woyang'anira makina akaona getsi lochenjeza pa disiki imodzi sadikira mawa kuti aisinthe.

Ndili ndi dandaulo limodzi kwa amene amafunsa funso limeneli. Ndi anthu ochepa kwambiri amene angatulukire okha njira ya XOR m'maminiti ochepa, mtima ukugunda, anthu achilendo akuwayang'ana. Ambiri amene amayankha msanga anaionapo kale. Wofunsa akangomva mawu oti XOR n'kugwedeza mutu kuti wapeza katswiri, ndiye kuti wayeza amene anali ndi intaneti ndi nthawi yokonzekera, osati amene amatha kuganiza. Mtsikana amene wafika pa `set`, n'kufotokoza bwino kuti ikudya malo ochuluka bwanji, n'kufunsa chimene chichitike nambala ikalembedwa katatu, wasonyeza zambiri kuposa mnyamata amene walemba mizere isanu pamtima koma sangathe kunena chifukwa chake 7 ndi 7 akufafanizana ali motalikirana. Inu amene mumafunsa, mukamva yankho la XOR, m'patseni munthuyo mndandanda wa otsala awiri ndipo mumufunse tanthauzo la 12 amene watulukayo.

Inu amene mukukonzekera intavyu, usiku uno musatsegule kompyuta. Tengani zitsekerero zinayi za mabotolo, muziike pamzere patebulo, chotembenuza m'mwamba chikhale 1, chovundikira chikhale 0. Lembani 6, 11, 2, 6, 2 papepala ndipo muzitembenuza zitsekererozo nambala imodziimodzi, mukunena mokweza chimene chikuchitika pa chilichonse. Mukamaliza patebulo payenera kuoneka 1011.